Intaneti ikamadukaduka: mmene mungadziwire ngati vuto ndi kebulo, pulagi kapena kutentha kwa rauta

Funso: Intaneti ya kunyumba kwathu ikumaduka kangapo pa tsiku, nthawi zina kwa masekondi ochepa chabe, nthawi zina kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako imabwerera yokha. Kampani imene imatipatsa intaneti ikuti kumbali kwawo zonse zili bwino. Rauta imatentha ndikaikhudza, ndipo kebulo imodzi ndi yakalekale. Kodi ndingogula rauta ina, kapena pali njira yodziwira chimene chavuta?

Yankho: Musagule kaye rauta ina. Anthu ambiri amene ndawathandizapo pa vuto lotere anali atagula kale yatsopano, nkuilumikiza ndi kebulo yakale yomweyo, nkuiika mʼkabati momwe munali inzake ija, ndipo patangotha sabata imodzi vuto linabwerera ngati mmene linalili. Ntchito yoyamba ndi kupeza malo enieni amene intaneti ikudukira, chifukwa kuchokera pa kompyuta yanu kukafika kunja pali zigawo zingapo, ndipo chigawo chilichonse chikavuta chimasiya chizindikiro chakechake.

Mwanena chinthu chimodzi chothandiza kwambiri, chakuti kuduka kwina ndi kwa masekondi ochepa pomwe kwina ndi kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Kutalika kwa nthawiyi kumaulula zambiri. Kebulo ikangolekana pangʼono ndi timano ta mʼbowo lake nkukhudzananso, zipangizo ziwiri za mbali zonse za kebuloyo zimayambiranso kugwirizana za liwiro loti zilankhulirane, ndipo zimenezi zimatenga masekondi owerengeka. Koma rauta ikazima nkuyakanso, imayenera kudzutsa pulogalamu yake yonse, kuyatsa waifai, kenako nkupemphanso kulumikizidwa ku kampani, zomwe kawirikawiri zimatenga mphindi imodzi kufikira zitatu. Choncho nʼkutheka kuti mʼnyumba mwanu muli mavuto awiri osiyana amene akuoneka ngati limodzi, ndipo ndi bwino kuwafufuza payekhapayekha.

Yambani ndi maso okha. Nthawi ina intaneti ikaduka, musathamangire kuzimitsa rauta, koma pitani mukayangʼane tinyale take. Ngati tinyale tonse tazima, kapena tayaka tonse nthawi imodzi nkuyamba kubwerera kamodzikamodzi monga zimachitikira mukangoilumikiza ku magetsi, ndiye kuti rauta yazima nkuyakanso yokha, ndipo muyenera kukayikira kutentha kapena magetsi amene akulowa mʼrautayo. Chizindikiro china cha zimenezi ndi chakuti dzina la waifai yanu limasowa pa foni kwa kanthawi. Ngati waifai ilipo ndipo foni ikadali yolumikizidwa, koma kanyale kolembedwa `WAN` kapena `Internet` kazima kapena kasintha mtundu, vuto lili pakati pa rauta ndi kunja, ndipo woyamba kumukayikira ndi kebulo yochokera ku modemu kapena ku kabokosi ka faiba. Ngati kompyuta imodzi yokha yolumikizidwa ndi kebulo ndiyo ikuduka pomwe mafoni akugwira bwino, musavutike ndi rauta yonse, chifukwa vuto lili pa kebulo ya kompyutayo kapena pa bowo limene yalowetsedwamo.

Popeza simungakhale pafupi ndi rauta tsiku lonse, pali njira ziwiri zoti makinawo azikusungirani umboni. Yoyamba ndi kutsegula tsamba la rauta pa kompyuta, lomwe pa marauta ambiri limapezeka polemba `192.168.1.1` kapena `192.168.0.1` pamalo olembapo adiresi. Adiresi yeniyeni ya rauta yanu imalembedwa pa kapepala kamene kamamatidwa pansi pake. Mʼtsambamo fufuzani mawu akuti `Uptime` kapena `System Up Time`, amene amasonyeza nthawi imene yadutsa chiyakireni rautayo. Ngati simunaizimitse kwa masiku anayi koma ikusonyeza mphindi 40 zokha, yadziulula yokha kuti inazima mphindi 40 zapitazo. Marauta ena amasonyezanso nthawi ina yapadera ya kulumikizana ndi kampani, ndipo ngati nthawi ya rauta ili masiku anayi koma ya kulumikizanako ili mphindi 40, ndiye kuti rauta sinazime, chimene chinaduka ndi njira yopita kunja.

Njira yachiwiri ndi lamulo la `ping`, limene limatumiza kauthenga kakangʼono pa sekondi iliyonse nkudikira yankho. Lumikizani laputopu ku rauta ndi kebulo, ndipo muzimitse waifai ya laputopuyo kuti isamathawire ku waifai kebulo ikaduka. Kenako tsegulani mawindo awiri a `cmd` pa Windows, ndipo mʼlililonse mulembe limodzi mwa malamulo awa:

```
ping -t 192.168.1.1
ping -t 8.8.8.8
```

Pa mzere woyambawo muike adiresi ya rauta yanu ngati ndi yosiyana. Pa Linux ndi pa Mac simufunika `-t`, chifukwa `ping` imapitirira yokha mpaka mutaimitsa ndi `Ctrl+C`. Windo loyamba likufunsa rauta yanu, lachiwiri likufunsa makina a kunja. Kudzera pa kebulo yabwino, rauta imayankha mʼnthawi yosapitirira milisekondi imodzi kapena ziwiri, ndipo sikuyenera kusowa yankho ngakhale limodzi. Intaneti ikaduka, ngati windo loyamba likupitiriza kulandira mayankho pomwe lachiwiri likulemba `Request timed out`, ndiye kuti kuchokera pa laputopu kufika pa rauta zili bwino ndipo vuto lili kutsogolo. Ngati mawindo onse awiri asiya nthawi imodzi, vuto lili pa kebulo yanuyo kapena pa rauta yeniyeniyo, ndipo nthawi ya `Uptime` ija ndiyo ingakuuzeni kuti mwa ziwirizi ndi chiti.

Tsopano tifike pa kebulo, pomwe ndikufuna kukhalitsapo pangʼono chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti kebulo imangokhala yamoyo kapena yakufa, popanda za pakatikati. Mkati mwa kebulo ya netiweki muli timawaya 8, topotedwa tiwiritiwiri mʼmagulu anayi. Kupotedwako kuli ndi ntchito yake, chifukwa ndiko kumateteza uthenga kuti usasokonezedwe ndi mphamvu ya magetsi yochokera ku mawaya ena apafupi. Liwiro la 100 Mbps limagwiritsa ntchito magulu awiri okha, amene amathera pa timano nambala 1, 2, 3 ndi 6 ta pulagi, pomwe liwiro la 1000 Mbps limafuna magulu onse anayi. Pa chifukwa chimenechi, kawaya kamodzi kakaduka mʼgulu limene liwiro lotsikalo siligwiritsa ntchito, intaneti siitheratu, koma zipangizo zimagwirizana kutsikira pa 100 Mbps. Ndipo ngati kawayako sikanadukiretu, koma kamakhudzana nthawi zina nkulekana nthawi zina, zipangizozo zimangokhalira kukwera ndi kutsika, ndipo nthawi iliyonse zikamagwirizananso inu mumaona intaneti itaduka kwa masekondi angapo.

Mungaone zimenezi ndi maso anu. Pa Windows tsegulani PowerShell nkulemba lamulo loyamba mʼmunsimu, nkuyangʼana pansi pa mawu akuti `LinkSpeed`. Pa Linux gwiritsani ntchito lachiwirilo, mutasintha `eth0` ndi dzina la khadi lanu la netiweki.

```
Get-NetAdapter
ethtool eth0
```

Ngati laputopu ndi rauta zonse zimatha 1000 Mbps koma mukuona 100 Mbps, kebuloyo ndi yokayikitsa kwambiri, ngakhale kunja kwake ioneke yosalala. Koma tsimikizani kaye kuti rautayo ilidi ndi mabowo a 1000 Mbps, chifukwa marauta ena angʼonoangʼono mabowo awo amalekera pa 100 Mbps, ndipo pamenepo nambalayo siikutanthauza vuto lililonse.

Mukatero yesani kugwedeza. Mawindo a `ping` aja ali chitsegukire, gwirani kebulo pafupi ndi pulagi ndi zala ziwiri, nkuipendeketsa pangʼonopangʼono mʼmwamba, pansi ndi mʼmbali, maso anu ali pa kanyale ka bowolo ndi pa mayankho. Musaikoke mwamphamvu, chifukwa cholinga ndi kutsanzira kugwedezeka kumene kumachitika munthu akagunda tebulo kapena akamasesa. Pulagi yabwino siimva kanthu ngakhale muigwedeze motere. Ngati kanyale kazima ngakhale kamodzi, mwapeza pamene pakuvuta. Chitani chimodzimodzi ku mbali ina ya kebuloyo, kenako muitsatire ndi dzanja kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto, mukufufuza pamene yaphwanyidwa ndi chitseko, pamene yapondedwa ndi mwendo wa mpando, pamene yapindidwa kwambiri pa kona, pamene msomali woigwirira kukhoma waifinya, kapena pamene makoswe aitafuna. Lamulo limene amisiri amatsatira ndi lakuti kebulo isapindidwe mothina kuposa kukhota kofanana ndi kunenepa kwake kuchulukitsa kanayi, ndiponso kuti isatalike kupitirira mamita 100 kuchokera pa chipangizo china kufika pa chinzake.

Malo amene kebulo imafera kawirikawiri ndi pa pulagi penipeni. Pulagi imeneyi, yomwe amaitcha `RJ45`, ili ndi kalilime ka pulasitiki pamwamba pake, kamene kamalira kuti "thu" mukailowetsa bwino ndipo ndi komwe kamaigwira kuti isatuluke. Kalilimeka kamathyoka msanga, ndipo kakathyoka pulagi imaoneka ngati yalowa koma imatha kubwerera mʼmbuyo ndi milimita imodzi yokha, zomwe ndi zokwanira kuti timano tina tilekane. Ndaonapo anthu akuimata ndi tepi kapena kuipanikiza ndi kapepala, koma ine sindilimbikitsa zimenezi, chifukwa kutentha kwa rauta kumafewetsa ulimbo wa tepiyo ndipo vuto limabwerera pa nthawi imene mwaiwala kale. Tulutsani pulagiyo muiyangʼane pa kuwala. Timano take 8 tiyenera kukhala tonyezimira ndiponso totsika mofanana, popanda zobiriwira kapena zakuda za dzimbiri. Chikopa cha kunja cha kebulo chiyenera kulowa mkati mwa pulagi nkupanidwa momwemo. Ngati mukuona timawaya tamitundumitundu tili pamtunda kumbuyo kwa pulagi, ndiye kuti woimanga sanaimange bwino, ndipo kulemera konse kwa kebulo kukukoka timawayato.

Unikaninso ndi tochi mkati mwa bowo la rauta. Muli timawaya 8 topyapyala tokhala ngati masipulingʼi, tomwe tiyenera kuima mofanana pa mzere umodzi. Kamodzi kakapindika kapena kugona, bowolo lidzavuta ndi kebulo iliyonse imene mungaikemo. Ngati ndi limodzi mwa mabowo a `LAN`, olumikizirapo makompyuta anu, ingosamukirani ku bowo lina. Ngati ndi bowo la `WAN` lolandirira intaneti yochokera kunja, lomwe pa marauta ambiri limakhala limodzi lokha, pamenepo ndiye kusintha rauta kumakhala ndi chifukwa chomveka.

Kuyesa kotsimikizika kuposa konse ndi kusinthanitsa kebulo yokayikitsayo ndi ina yaifupi, yomangidwa ku fakitale, yolembedwa `Cat5e` kapena `Cat6`, imene mukudziwa kuti ikugwira bwino ntchito pena. Kachipangizo koyezera makebulo, kamene kamayatsa tinyale 1 mpaka 8 motsatizana, kamathandiza kupeza kawaya koduka kapena kosemphanitsidwa, koma kali ndi malire ake, chifukwa kamangoona ngati magetsi akudutsa pa nthawi imeneyo ndipo kebulo imene imaduka ikagwedezeka ikhoza kupambana mayesowo ili phee pa tebulo. Pogula ina, pewani makebulo olembedwa `CCA`, amene timawaya take ndi ta aluminiyamu tongokutidwa ndi kopa, chifukwa timathyoka msanga tikamapindidwapindidwa.

Ngati intaneti yanu imabwera pa faiba, kebulo yopyapyala imene imalowa mʼkabokosi ka kampani isamaleni mosiyana ndi zinazi. Mkati mwake muli ulusi wa galasi, ndipo ikapindidwa mothina kuwala kumachepa mpaka kanyale ka `LOS` kuyamba kuphethira mofiira. Ionetsetseni kuti yakhota momasuka ndipo siinapanidwe kuseri kwa kabati, koma musamaizule ndi kuibwezera pafupipafupi chifukwa kafumbi kochepa pa nsonga yake kamatchinga kuwala, ndipo musayangʼane konse mʼnsongamo, popeza kuwala kwake sikuoneka koma kukhoza kuvulaza diso. Kanyale ka `LOS` kakamayaka kebulo ili bwinobwino, imeneyo ndi ntchito ya kampani.

Pali pulagi inanso imene anthu amaiiwala, yomwe ndi kapulagi kozungulira ka magetsi kolowa kumbuyo kwa rauta. Kagwedezeni monga munachitira ndi kebulo ija, ndipo mugwedezenso waya wake pamene akutulukira mʼadaputala, chifukwa ndi pamene amakonda kudukira mkati. Tinyale tikaphethira kapena rauta ikazima, mwapeza chimene chimaiyambitsanso. Onaninso ngati adaputala yakhazikika bwino mʼsoketi, popeza soketi yokhwefuka ya pa ekisitenshoni yakale imadula magetsi kwa kamphindi kosakwana sekondi, kamene nyale ya mʼchipinda singakasonyeze koma nʼkokwanira kuzimitsa rauta.

Za kutentha, ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi pangʼono: rauta iliyonse imafunda ikamagwira ntchito, ndipo kufundako pakokha si matenda. Marauta ambiri a mʼnyumba alibe fani mkati. Amadalira kuti mpweya wozizira ulowe pa timabowo ta pansi ndi mʼmbali, utenge kutentha kwa tizipangizo ta mkati, nkutulukira pamwamba. Opanga ambiri amalemba kuti rauta igwire ntchito pamalo pamene mpweya wozungulira uli pakati pa madigiri 0 ndi 40, ndipo mawu ofunika pamenepa ndi akuti mpweya wozungulira rautayo, osati wa mʼchipinda chonse. Mʼkabati yotseka, pamwamba pa dikoda, kuseri kwa wailesi ya kanema kapena pa windo pamene dzuwa limaomba masana, mpweya umenewu umatentha kuposa wa mʼchipinda ndi madigiri ambiri. Ikani chikhatho pamwamba pa rauta ndiponso pansi pake. Ngati mungathe kuchisiya pamenepo osamva kuwawa, kutenthako nʼkwa masiku onse. Ngati mukufuna kuchichotsa patangopita masekondi ochepa, kapena mukumva fungo la pulasitiki yopsa, kapena chikuto chasintha mtundu pamalo amodzi, ndiye kuti yapitirira muyeso.

Vuto la kutentha limadziwika ndi nthawi yake. Silibwera rauta itangoyatsidwa kumene, koma patapita ola limodzi kapena angapo. Limakonda masana ndi madzulo kuposa mʼbandakucha, ndipo limakula anthu ambiri akamaonera makanema kapena kutsitsa mafayilo akuluakulu, chifukwa pamenepo ndi pamene purosesa ndi mbali ya waifai zimagwira ntchito yaikulu. Nthawi zambiri liwiro limayamba latsika kaye, kenako waifai imasowa kapena rauta yonse imazima nkuyakanso. Vuto la kebulo lilibe ndondomeko yotereyi, limabwera usiku kapena usana, ndipo nthawi zambiri limatsatira kugwedezeka kwa chinthu.

Poyesa, tulutsani rauta pamalo opanikizika, muiike poyera pa chinthu cholimba osati pa nsalu, siponji kapena kapeti, ndipo musiye mpata wokwana chikhatho mbali zonse. Ichotseni kaye ku magetsi nkupukuta fumbi la pa timabowo ndi kabulashi kouma. Kenako ilozetseni fani ya pa tebulo kwa masiku awiri kapena atatu, mukugwiritsa ntchito intaneti monga mwa masiku onse. Ngati kuduka kwa mphindi ziwiri kuja kwatha fani ikuzungulira, nkubwerera mukaizimitsa, umboni wakwana. Musaiike mʼfiriji kapena kuisanjika madzi oundana, chifukwa chinyontho chimene chimadza ikamafundanso chimaononga za mkati.

Apa pali msampha umodzi umene ndikufuna muudziwe, chifukwa unandisokonezapo ine ndemwe. Adaputala yotopa imapereka zizindikiro zofanana kwambiri ndi za rauta yotentha. Mkati mwake muli makapasita, tizipangizo tosunga magetsi, amene amauma pangʼonopangʼono ndi zaka ndiponso ndi kutentha, ndipo akafooka adaputalayo imapereka mphamvu yokwanira rauta ikakhala chete, koma imalephera rauta ikafuna mphamvu yambiri mwadzidzidzi. Zotsatira zake rauta imazima pa nthawi yomweyo imene mukanakayikira kutentha, anthu onse ali pa intaneti.

Ndinaitanidwa ku ofesi ina yaingʼono ya makompyuta 6, kumene intaneti inkaduka katatu kapena kanayi masana aliwonse. Tsiku loyamba ndinatsegula tsamba la rauta cha mʼma 3 koloko masana nkupeza `Uptime` ikusonyeza mphindi 52, pomwe onse ankanena kuti palibe anaikhudza chiyambire mʼmawa. Rautayo inali mʼkabati yachitsulo, itasanjikidwa pamwamba pa makina osunga zithunzi za makamera, ndipo pansi pake panali potentha moti sindinathe kusiyapo dzanja. Ndinaitulutsa, nkuipukuta fumbi, nkuilozetsa fani, ndipo ndinachoka ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ntchito yatha. Mawa lake anandiimbira kuti yaduka kamodzi kokha mʼmalo mwa kanayi, koma yadukabe, ndipo `Uptime` inasonyezanso kuti inazima. Nditagwada pansi pa tebulo kuti ndione adaputala, ndinapeza kuti yalembedwa `12V 1A`, pomwe kapepala ka pansi pa rauta kankafuna `12V 2A`. Munthu wina anaisinthanitsa miyezi ingapo mʼmbuyomo pokonza mawaya, poona kuti kapulagi kake kakulowa bwinobwino. Titaika adaputala yoyenera, rautayo inatha masiku 9 osazima. Koma kompyuta imodzi ya pakona inapitiriza kuduka kwa masekondi anayi kapena asanu, ndipo `Get-NetAdapter` inkasonyeza 100 Mbps pomwe zinzake zonse zinali pa 1 Gbps, yomwe ndi 1000 Mbps. Kebulo yake inkadutsa pansi pa mwendo wa mpando wa matayala, ndipo pamalo amenewo inali itaphwatalala ngati lamba. Mʼofesi imodzi munali mavuto atatu, ndipo ndikanasintha zonse tsiku limodzi sindikanadziwa kuti kutentha, adaputala ndi kebulo chilichonse chinali ndi mbali yake.

Pa nkhani ya adaputalayi, mavoti, omwe ndi nambala ya `V` ija, ayenera kufanana ndendende ndi amene alembedwa pa rauta. Maampeya, omwe ndi nambala ya `A`, akhoza kufanana kapena kuposerapo, koma asachepere, chifukwa rauta imangotenga mphamvu imene ikufuna. Kukula kwa kapulagi kuyenera kufanana, ndipo kachithunzi kosonyeza mbali ya `+` ndi ya `-` kayenera kugwirizana ndi ka pa rauta. Kuyeza adaputala ndi mita ili yosalumikizidwa ku rauta sikutsimikizira kanthu, popeza yotopa imasonyezabe mavoti 12 pamene palibe chikuikoka mphamvu. Njira yodalirika ndi kubwereka ina yofanana nayo nkuyesa kwa masiku awiri. Adaputala imene yafufuma, ikulira mopyapyala kapena ikununkha kupsa ichotseni pa soketi nthawi yomweyo, ndipo musaitsegule, chifukwa makapasita a mkati mwake amasunga magetsi oopsa ngakhale itazulidwa.

Kwa inu, ndikanayamba ndi kebulo yakale mwaitchulayo, makamaka ngati ndi imene ikulowa pa bowo la `WAN`, chifukwa imeneyo ikavuta nyumba yonse imaduka nthawi imodzi, ndipo kampani ikayeza mzere wake kufika pa kabokosi kawo imaona zonse zili bwino, monga momwe anakuuzirani. Kebulo ya pamenepa ikalekana kwa sekondi imodzi, rauta imayenera kupemphanso adiresi kapena kulowanso ndi dzina ndi mawu achinsinsi a kampani, choncho kuduka kwake kukhoza kutalika kuposa kwa kebulo ya kompyuta imodzi. Isintheni lero, musakhudze china chilichonse, ndipo kwa masiku awiri muzilemba pa pepala ola limene intaneti yaduka, kutalika kwake, mmene tinyale tinalili ndi zimene `Uptime` ikusonyeza. Kenako chitani za fani zija kwa masiku ena awiri, ndipo pomaliza muyese adaputala ina.

Ngati rauta ikuzimabe yokha ili poyera, ikupepedwa ndi fani, ili ndi adaputala yoyenera pa soketi yolimba, ndiye kuti zowonongeka zili mkati mwake ndipo mukhoza kugula ina mtima uli mʼmalo. Chimodzimodzinso ngati ikugwira bwino pokhapokha fani ikuzungulira ngakhale ili pamalo opita mphepo, chifukwa rauta yabwino siyenera kudalira fani mʼchipinda chimene munthu akukhalamo bwinobwino. Koma ngati `Uptime` ikukwera osabwerera pa ziro, windo la `ping` lofunsa rauta silinaphonye yankho ngakhale limodzi, kebulo ya `WAN` ndi yatsopano, koma windo lofunsa kunja likudukabe, imbiraninso kampaniyo muli ndi pepala lija mʼmanja. Auzeni masiku ndi maola enieni amene intaneti inaduka ndi mtundu wa kanyale kamene kanasintha pa kabokosi kawo, ndipo muwapemphe kuti ayangʼane zolembedwa za mzere wanu pa maola amenewo ndiponso kuti atumize mmisiri adzayeze mphamvu ya siginolo pamalo pamene waya wawo walowera mʼnyumba mwanu.